Mawu Onse Mwawamva Koma Nkhani Yakudutsani: Kutulukira Tanthauzo la Chining'a Chachilendo

Vutoli limabwera kawirikawiri m'mabanja athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, mumzinda uno wa Harare. Foni yalira, wachibale wa kumudzi watumiza uthenga wa mawu. Mwaumvetsera kawiri, palibe liwu lomwe lakusokonezani kwenikweni, koma mukafunsidwa kuti kumudziko akuti chiyani, mukusowa poyambira. Mwamva za madzi, za nkhwangwa, za galu, pamene inu mumayembekezera kumva za ndalama zomwe munatumiza mwezi watha.

Gwero lake n'losavuta kulipeza. Ambiri a ife ndife ana kapena zidzukulu za anthu omwe anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'mayadi mzinda uno ukadali Salisbury, ena pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa pamenepo. Chichewa tinachiphunzira kukhitchini ndi kutchalitchi, koma pamsewu ndi kusukulu tinakulira m'Chishona ndi Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe mwana wa ku Mufakose sakumana ndi phunziro la zining'a monga mnzake wa ku Ntcheu. Chichewa chotumira mwana kumsika tili nacho. Chomwe chimatipelewera ndi chija akuluakulu amayankhula nkhani ikakhala yolemera: ngongole, matenda, mimba, mkangano wa pachibale, maliro. Ndiye chining'a chachilendo chimatipeza pa nkhani yomwe kuphonya kwake kumawawa kwambiri.

Tiyeni titenge uthenga umodzi tiuphwanye. Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Mufakose anatumiza ndalama za feteleza kudzera mwa amalume ake, ndipo mu Disembala amayi ake aang'ono a ku Ntcheu amutumizira mawu awa:

"Mwanangu, kuno madzi achita katondo. Amalume ako aja atigwiritsa fuwa lamoto. Tinapita ndi achemwali ako kukawagwira mwendo, koma iwo atemetsa nkhwangwa pamwala. Zikapitirira chonchi, pakhomo pano pagwa galu wakuda. Koma mlamu wako wachira dzulo, ndiye kumeneko tikuthokoza Mulungu. Ndati ndikutsine khutu usanatumize zina."

Kodi n'chining'a, kapena akunena zenizeni?

Funso limeneli liyambe, chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa. Pali wina amene amamva zonse monga zilili, n'kuyamba kudandaula za chitsime chomwe chavunduka. Palinso wina amene wazindikira kuti akuluakulu amazungulira, ndiye amayamba kufuna tanthauzo lobisika ngakhale pomwe mayi angonena kuti mbuzi yathyola khola.

Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana ngati chinthu chotchulidwacho chili ndi mbiri m'nkhanimo. Nkhwangwa yeniyeni imakhala ndi mwini wake, imachokera kwinakwake, ndipo ikagunda mwala wina amadandaula kuti yabuntha. Nkhwangwa ya mu uthengawu yangotulukira pakati pa nkhani ya ndalama, ilibe mwini, ndipo chiganizo chotsatira sichikuyikumbukanso. Galu nayenso chimodzimodzi. Akanati "galu wakuda wa a Phiri uja wadya nkhuku zitatu", bwenzi ali galu wamiyendo inayi, poti ali ndi mbuye wake ndipo wachita zomwe agalu amachita. Koma galu amene "akugwa" pakhomo, ndiponso kugwa kwake kukudalira kuti zinthu "zipitirire chonchi", si wakumpanda ayi.

Muthanso kuyesa kusintha pang'ono mawuwo mumtima mwanu. Nenani kuti "atemetsa nkhwangwa ziwiri pamiyala" kapena "pagwa agalu oyera". Mukamva kuti chiganizocho chasanduka chopanda mutu, dziwani kuti mawu aja amayendera limodzi monga anawumbidwira, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chachikulu cha chining'a. Mawu wamba amalola kuchulukitsidwa ndi kusinthidwa mtundu. Chining'a chimakana.

Musayambe ndi tanthauzo, yambani ndi mbali

Mukatsimikiza kuti n'chining'a, musathamangire kufunsa kuti chikutanthauza chiyani. Yambani mwapeza ngati nkhaniyo ili yabwino kapena yoipa, komanso kuti wopweteka ndani, wopweteketsa ndani. Zimenezi zimaoneka m'timawu tating'ono tomwe timazungulira chining'acho, tomwe aliyense wa ife amatidziwa.

Taonani "koma" woyamba. Anapita kukawagwira mwendo, koma iwo atemetsa nkhwangwa pamwala. Ngakhale simunamvepo zining'a ziwirizi, "koma" ameneyu wakuuzani kuti chachiwiri chalepheretsa choyamba. Anthu awiri ananyamuka ulendo kupita kwa munthu amene ali ndi ndalama zawo. Munthu amapitako kukatani? Kukapempha, kukadandaula, mwina kukakalipa. Koma kugwira mwendo wa munthu kumafuna kuti iwe utsike pansi, ndipo wokalipa satsika pansi. Chatsala ndi kupempha modzichepetsa, ndipo ndilodi tanthauzo lake. Tsopano ngati kupemphako kwalephereka, nkhwangwa ija ikhala kukana. Chithunzi chake chikuwonjezera mphamvu ya kukanako: nkhwangwa imadula mtengo, koma pamwala siilowa. Amalume akanitsitsa ndipo sasintha.

Mawu akuti "zikapitirira chonchi" akusonyeza kuti galu wakuda ndi chotsatira cha zonse zatchulidwazi, ndipo sanafike, ali m'njira. Pano gwiritsani ntchito zomwe mukudziwa za nyengo. Uthenga wabwera mu Disembala, mbewu zili m'nthaka, feteleza wokulitsa amafunika chimanga chikangomera ndipo wobereketsa amatsatira patapita masabata ochepa. Banja lomwe laphonya feteleza likuopa chiyani? Likuopa kukolola zochepa. Galu wakuda ndi njala. Simunafunikire kudziwa chifukwa chomwe makolo anasankhira galu osati fisi. Nthawi ya chaka ndi mutu wa nkhani zakufikitsani.

Kulinso kamneni kakang'ono koyenera kukatchera khutu. Mayi aja sananene kuti "tagwira fuwa", anati "atigwiritsa". Kachidutswa ka -its- kakusonyeza kuti pali wina wochititsa, ndipo ka -ti- kakusonyeza kuti opsa manja ndi iwowo. Choncho musanadziwe n'komwe kuti fuwa n'chiyani, mwadziwa kale kuti amalume achita chinthu chomwe chapweteka banja.

Pamene chinthu chenichenicho simuchidziwa

Apa ndi pomwe ife a ku Harare timasiyana ndi abale athu akumudzi, ndipo ndikuona kuti vuto lathu lalikulu lili pano osati pa zining'a zenizenizo. Mwana wokulira m'nyumba yophikira pa sitovu kapena pa gasi sanagwirepo fuwa. Mafuwa ndi miyala itatu ija yotereka mphika pamoto. Moto ukazima mwalawo umaoneka ngati mwala wina uliwonse, koma umasunga kutentha nthawi yaitali. Munthu akakuuza kuti "nyamula, lazizira", iwe n'kumukhulupirira, umapsa. Mukangodziwa zimenezi, chining'acho chimamasuka chokha: kugwiritsa munthu fuwa lamoto ndi kumukhumudwitsa pa chinthu chomwe anakudalira nacho. Si kuba chabe ayi. Wakuba wosamudziwa sangakugwiritse fuwa lamoto, chifukwa sunamukhulupirirepo. Mayi aja asankha mawuwa mwadala, pofuna kuti mnyamata amve kuti chowawa si ndalama zokha koma kuti wochita zimenezi ndi mlongo wawo.

Katondo naye ndi dothi lofiira lomata, lomwe tikulidziwa bwino m'minda yambiri yozungulira mzinda uno ngakhale dzinalo tinaliiwala. Madzi akachita katondo ndiye kuti avunduka, afiira, sangamweke. Zinthu zomwe zinali bwino zasokonekera. Onaninso malo ake mu uthengawu: chining'achi chili poyambirira penipeni, mayi asananene kanthu kena kalikonse. Chining'a chotsegulira uthenga kawirikawiri chimangokukhazika pansi kuti ukonzekere, tsatanetsatane amabwera pambuyo. Musataye nthawi yambiri pa icho.

Malangizo anga pa vuto la mtundu uwu ndi akuti mufunse za chinthucho, osati za chining'acho. Pitani kwa agogo a kumpingo kapena a ku bungwe la maliro lomwe banja lanu limasonkhako, mukafunse kuti fuwa n'chiyani, chimera amachipanga bwanji, mtondo ukadooka chimachitika n'chiyani. Funso lotere silichititsa manyazi, siliulula nkhani za m'banja mwanu, ndipo yankho lake lidzakuthandizaninso pa zining'a zina zomwe zimatchula chinthu chomwecho. Ngati muli ndi mwayi wopeza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba n'kutuluka mu 2000, kumbukirani kuchotsa tizidutswa ta kutsogolo ndi kumapeto kwa mneni musanayambe kufufuza. "Atigwiritsa" simumupeza pa chilembo cha A. Yang'anani pa gwira, ndipo mukasowa pamenepo yang'anani pa fuwa.

Chishona chikalowerera

Chishona nthawi zina chimatithandiza kwambiri. Amene amadziwa "kubata kumeso" savutika kumva kugwira munthu m'maso, poti zonse ndi kupusitsa. "Kurasa mvura" ndi kutaya madzi n'chimodzimodzi, ndipo palibe amene angapatse mlendo chidebe akamva kuti akufuna kukataya madzi. Kufanana kumeneku n'komwe kumatipatsa chidaliro chopitirira muyeso. Mukamva kuti "mwana watsamwa", khutu la Chishona limamva kuti wakwiya, pamene mayi wa ku Ntcheu akunena kuti chakudya chamuima pakhosi. Mukamva kuti nkhalamba ina "imatamba", khutu lomwelo limamva zosewera kapena kuvina, pamene m'Chichewa imeneyo ndi nkhani ya ufiti, yoti ikhoza kupasula mudzi. Ngati mawu amodzi okha angasocheretse chonchi, nanji chining'a chathunthu.

Tanthauzo lomwe Chishona chakupatsani litengeni ngati loyesera. Libwezereni m'chiganizo chija, muwerenge kuyambira chiganizo cham'mbuyo mpaka cham'tsogolo. Likakwanira popanda kukakamiza, lisungeni. Mukaona kuti mukufunika kupeka nkhani ina yoti ligwirizane nayo, litayeni.

Chenjezo lomweli likhudzanso kudalira mneni mmodzi. Kugwira mwendo ndi kupempha, kugwira m'maso ndi kunamiza, kugwira njakata ndi kusowa chochita. "Gwira" ali ponseponse koma sakunyamula tanthauzo. Limene limalemera ndi dzina lotsatira, makamaka likakhala chiwalo cha thupi. Khosi, mwachitsanzo, ndi pomwe pamakhala kukhutira ndi kusakhutira: kukhosi kukayera munthu wakondwa, wosunga chakukhosi ali ndi mangawa, ndipo madzi akafika m'khosi ndiye kuti zafika pothina.

Mawu amene akuoneka osavuta

Mu uthenga uja, liwu loopsa kuposa onse si nkhwangwa kapena galu. Ndi "wachira". Zining'a zina zija zimadzionetsa zokha kuti n'zachilendo, ndiye munthu amaima n'kuganiza. "Wachira" amadutsa mwakachetechete chifukwa tonse timamudziwa: wodwala wapeza bwino. Mnyamata wathu akhoza kuyankha kuti "pepani, sindinadziwe kuti alamu amadwala", n'kupitiriza za feteleza. Chonsecho m'kayankhulidwe ka akuluakulu, mayi woyembekezera amatchedwa wodwala, ndipo akabereka bwinobwino amati wachira.

Tingadziwe bwanji kuti apa akunena ziti? Umboni ulipo, ngakhale si wokwanira. Kuchira kwa malungo kapena chifuwa sikukhala ndi tsiku lake lenileni. Munthu amati "akupezako bwino" kapena "wayamba kudya". Kunena kuti wachira "dzulo" kukusonyeza chinthu chomwe chinachitika kamodzi, pa tsiku lodziwika. Chachiwiri, palibe matenda omwe atchulidwa, pamene anthu athu akamanena za wodwala wamba satopa kufotokoza kuti chinayamba ndi mutu kenaka kusanza. Kusatchula kumeneku ndi ulemu womwe umazungulira nkhani za uchembere, makamaka mayi akamayankhula ndi mwana wamwamuna. Chachitatu, wonenedwayo ndi mkazi wapabanja. Zitatuzi zikaphatikizana, mpata waukulu ndi woti kwabadwa mwana.

Komabe apa musangodalira kuganiza. Funsani, koma mufunse mwa njira yomwe ili bwino mbali zonse ziwiri. Mukati "Zikomo kwambiri amayi, tathokoza. Nanga alamuwo adzuka bwanji lero?" simunalakwitse kanthu ngakhale atakhala kuti anadwaladi malungo. Yankho lidzaulula lokha: "Ali bwino, ndi kamnyamata." Pamenepo ndiye mutha kusangalala poyera n'kuyamba kuganiza za matewera.

Kufunsa kotereku n'kwabwino kuposa kuti "mukutanthauza chiyani?", mawu omwe kwa munthu wamkulu amamveka ngati ukumutsutsa kapena ukumuuza kuti sakuyankhula zomveka. Njira ina yaulemu ndi kubwereza zomwe mwamva m'mawu wamba, ngati mukungovomereza: "Ndiye kuti amalume akaniratu, amayi? Ndalama zija sizinafike ngakhale pang'ono?" Ngati mwamva molondola, iwo apitiriza nkhani. Ngati mwaphonya, akukonzani okha osaona kuti munasochera.

Chiganizo chomaliza nthawi zambiri ndiye mwini nkhani

Munthu wa kumudzi sawononga mayunitsi pongofuna kukometsa Chichewa. Pali chomwe akufuna kuti muchite, ndipo kawirikawiri chimakhala kumapeto. "Ndati ndikutsine khutu usanatumize zina." Mawu akuti "usanatumize zina" akuika chining'achi patsogolo pa ntchito yomwe mnyamatayo anali pafupi kuchita, ndiye kutsina khutu kuyenera kukhala kuchenjeza. Kutsina ndi kanthu kakang'ono kochitika mwakabisira, kosaoneka kwa ena okhala pabwalo lomwelo. Choncho si chenjezo chabe, ndi chenjezo lachinsinsi.

Amene wamva theka la tanthauzoli akhoza kuwononga zinthu. Akamva kuti wachenjezedwa koma osamva zachinsinsizo, aimbira amalume nthawi yomweyo n'kunena kuti "amayi aang'ono andiuza zonse". Akatero waika mayi aja pamoto, ndipo tsiku lina sadzamutsinanso khutu. Zomwe uthengawu ukupempha ndi ziwiri zokha: ndalama zotsatira zisadzere kwa amalume, ndipo dzina la wonena lisatuluke. Mukamaliza kumasulira uthenga uliwonse wa mtundu uwu, dziyeseni pofotokoza m'chiganizo chimodzi chomwe mukuyenera kuchita. Mukalephera, ndiye kuti pali chining'a chomwe simunachimvetse, ngakhale mukuona ngati zonse zamveka.

Pomwe kuganizira kumathera

Njira zonsezi zili ndi malire ake, ndipo malire oyamba ndi nkhani ya imfa. Atisiya, atsogola, atsamira mkono, kwagwa zovuta: onsewa akunena kuti munthu wamwalira. Awiri oyambawo ndi ovuta chifukwa amanenedwanso pa ulendo wamba. "Agogo atsogola" akhoza kutanthauza kuti ali kale pa depoti ya basi. Yang'anani ngati patchulidwa kopita. Wotsogola wamoyo amatsogola kumsika, kumunda, ku Balaka. Pakasowa kopita, ndipo mawu a wonenayo atsika, konzekerani.

Palinso chizolowezi cha mabanja ambiri chosauza munthu wakutali za imfa mwachindunji. Amangoti "matenda akula, bwerani", pomwe mwina adzukulu ayamba kale kukonza kumanda. (Adzukulu pamaliro si ana a ana anu ayi, ndi anthu okumba manda ndi kunyamula bokosi. Ambiri obadwira kuno amasokonezeka napo.) Zizindikiro zake zimakhala kunja kwa mawuwo. Woimba foni si uja mumacheza naye masiku onse koma mwini mbumba. Sakupempha ndalama za mankhwala kapena za galimoto yopita kuchipatala, akungofunsa kuti munyamuka liti. Mukapempha kuyankhula ndi wodwalayo, akuzemba. Ulendo wochoka ku Harare kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Zobue kukafika ku Mwanza umadutsa zipata za malire ziwiri ndipo umadya tsiku lathunthu, ndiye muyenera kudziwa ngati mukupita kukadwazika kapena kukaika. Musafunse woimbayo kuti "amwalira kodi?" Pemphani wamkulu wa kuno, wa msinkhu wofanana ndi woimba uja, kuti amuimbire. Akuluakulu okhaokha amauzana zoona zomwe sangamuuze mwana pa foni.

Malire achiwiri ndi mawu omwe anapangidwa dala kuti wakunja asawamve. Gule wamkulu amavinidwa m'madera ena a mzinda uno, ndipo a kudambwe ali ndi kayankhulidwe kawo. Anamkungwi nawonso ali ndi kawo. Mawu otere sangatuluke ndi njira ya kuyang'ana ziganizo zoyandikana, chifukwa cholinga chake n'choti asatuluke. Mukaona kuti akuluakulu ayang'anana n'kusintha nkhani mutafunsa, lekerani pomwepo.

Achitatu ndi kusiyana kwa nthawi ndi dera. Chichewa cha agogo athu a kuno chinaima pa chaka chomwe anachoka kumudzi, pamene cha ku Blantyre ndi Lilongwe chikupitirira kubala zining'a zatsopano. Msuweni wanu akalemba kuti "zayang'ana kungolo", kutanthauza kuti zinthu zavuta, agogo a ku Highfield akhoza kukhala osadziwa ngati inu nomwe. Apanso anthu ochokera ku Tete kapena ku Chipata ali ndi zonena zawo zomwe wa ku Ntcheu sazigwiritsa ntchito. Choncho sankhani womufunsa molingana ndi wotumiza uthengawo: za nkhalamba funsani nkhalamba ya dera lomwelo, za achinyamata funsani amene wangobwera kumene kapena madalaivala ndi amalonda omwe amayenda msewu wa Blantyre mwezi ndi mwezi. Ndipo pofunsapo mupatseni chiganizo chonse pamodzi ndi cham'mbuyo ndi cham'tsogolo mwake, mutachotsamo mayina a anthu, chifukwa "wachira" kapena "atsogola" payekha ngakhale katswiri sangakuuzeni kuti ndi uti mwa matanthauzo awiri aja.